Kalata Yotseguka kwa Mkulu wa Zaumoyo ku Khonsolo Yathu: Wodi ya Amayi Ilengezedwe Ngati Nkhani

Wolemekezeka Bwana,

Ndine mkonzi wa nkhani pa wailesi ya m'dera lino, ndipo kwathu ndi kufupi ndi chipatala chaching'ono chimene mwamangapo wodi yatsopano ya amayi oyembekezera. Malata akhomedwa, utoto wapakidwa, ndipo anthu odutsa pamsewu ayamba kale kufunsana kuti atsegula liti. Chatsala ndi chikalata chimene ofesi yanu itumize kwa atolankhani polengeza za wodiyi. Pempho langa ndi lakuti chikalatacho chilembedwe monga mmene nkhani imalembedwera, ndipo pochilemba muziganizira mayi wa pakati pa miyezi isanu ndi itatu amene adzachimvere pa wailesi ali pakhonde, chifukwa ndiye adzachitepo kanthu akamva.

Zikalata zotere zimatipeza kawirikawiri kuchokera ku maofesi osiyanasiyana, ndipo zambiri zimafanana. Ndime yoyamba imathokoza boma ndi abwenzi otithandiza pa chitukuko. Yachiwiri imandandalika mlendo wolemekezeka ndi onse odzakhala pa mipando ya kutsogolo, aliyense ndi udindo wake wonse. Yachitatu imanena ndalama zimene zalowa. Tsiku limene amayi adzayambe kulandiridwa limabisala m'ndime yomaliza, mwinanso osapezeka n'komwe. Chikalatacho chimabwera m'Chingerezi, chojambulidwa ndi foni mopendekeka, usiku woti mawa ndi mwambo. Mtolankhani wachinyamata amachimasulira mothamanga, ndipo chimene chimamveka pa wailesi m'mawa ndi chakuti akuluakulu akubwera kudzadula riboni.

Nkhani ili ndi kalembedwe kake, ndipo chifukwa chake n'chosavuta. Pa wailesi, nkhani imodzi imapatsidwa nthawi yosakwana mphindi, ziganizo zinayi kapena zisanu basi. Ku nyuzipepala, malo akachepa mkonzi amadula kuchokera pansi kukwera m'mwamba, osafunsa munthu. N'chifukwa chake chofunika kwambiri chimakhala pamwamba, chotsatira pansi pake, ndipo chimene chingadulidwe popanda wina kuvutika chimakhala kumapeto. Pamwamba penipeni pamakhala mutu wa mzere umodzi wonena chimene chachitika. Kenako dzina la malo ndi tsiku lolembera. Kenako ndime yoyamba, yosapyola mawu 35 kapena 40, yoyankha kuti chikuchitika n'chiyani, kuti, liti, ndipo chikukhudza ndani. Chifukwa chake ndi mmene zidzayendere zimabwera m'ndime yachiwiri ndi yachitatu. Muyeso wake ndi uwu: zonse zitadulidwa n'kutsala ndime yoyamba yokha, kodi mayi uja angadziwe kopita ndi tsiku loyambira?

Apa ndi pamene pali msampha woyamba, Bwana. Wodi yatsopano imakhala ndi masiku awiri: tsiku la mwambo ndi tsiku limene mzamba adzayambe kugona pa ntchito. Nthawi zina masikuwa amatalikirana ndi milungu, chifukwa mwambo umatsata nthawi ya mlendo wolemekezeka pamene ntchito imadikira anthu ogwira, madzi ndi mankhwala. Wailesi ikangoti "wodi yatsegulidwa," kumudzi palibe amene amasiyanitsa ziwirizi. Mayi amene matenda amuyamba pakati pa usiku adzakwezedwa pa njinga yamoto ya kabaza, adzasiya msewu wopita ku chipatala chimene ankadalira kale, n'kukhotera ku wodi yatsopano poti ndi yapafupi. Akapeza chitseko chokhoma ndi mlonda yekha panja, ulendo uja wawirikiza, ndalama ya kabaza yatha, ndipo mwana akhoza kubadwira panjira. Mayi amene akutaya magazi kwambiri atangochira akhoza kumwalira pasanathe maola awiri ngati sanathandizidwe. Tsiku loyenera kukhala m'ndime yoyamba ndi loyamba ntchito, ndipo ngati simunalitsimikize, chikalata chidikire kaye kapena chinene poyera kuti pakadali pano amayi apitirize kupita kumene amapita.

Pali chinanso chimene chimalemeretsa mawu anu kuposa mmene mungaganizire. Kuyambira mu 2007, pamene boma linaletsa azamba a m'midzi kuchiritsa amayi, mafumu ambiri anaika malamulo a m'mudzi olipiritsa banja limene mayi wachirira pakhomo kapena panjira, ena nkhuku, ena mbuzi, ena ndalama. Mfumu ikamva pa wailesi kuti wodi yatsegulidwa, idzanena pa bwalo kuti tsopano palibe chowiringula. Ngati wodiyo siinayambe kugwira ntchito usiku, chindapusa chidzagwera banja limene silinalakwe.

Msampha wachiwiri ndi mawu okometsera. "Wodi yamakono" ndi "zipangizo zapamwamba" sizimuuza mayi kalikonse. Chimene akufuna kudziwa iye, mwamuna wake ndi apongozi ake ndi chakuti zikavuta, pamalopo angamuchite chiyani. Inu mukudziwa bwino kuti Bungwe Loona Zaumoyo Padziko Lonse ndi mabungwe anzake anaika ntchito zisanu ndi ziwiri zimene chipatala chaching'ono chiyenera kukwanitsa kuti chitchedwe chothandiza amayi pa ngozi. Zitatu ndi za jakisoni: wopha tizilombo thupi likalowa matenda, wa okisitosini wolimbitsa chiberekero kuti magazi asiye, ndi wa maginiziyamu salufeti kwa mayi amene magazi akuthamanga kwambiri mpaka kukomoka. Zina ndi za manja a mzamba: kuchotsa nsengwa ikakanirira, kuyeretsa zotsalira m'chiberekero, kuthandiza mwana kutuluka ndi chipangizo chokokera, ndi kutsitsimutsa khanda limene labadwa osapuma. Sindikuti zonsezi zilembedwe m'chikalata ndi mayina ake a kusukulu. Ndikuti wolemba chikalata asanakhale pa kompyuta, apite kwa mkulu wa anamwino pa chipatalacho ndi mndandanda umenewu, afunse chimodzichimodzi kuti ichi chitheka kuyambira tsiku loyamba kapena ayi, ndipo alembe zokhazo zimene zayankhidwa kuti inde.

Mafunso amenewa amavumbula zambiri. Okisitosini amafuna kuzizira, pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo akakhalitsa pamalo otentha amachepa mphamvu ngakhale kabotolo kakuoneka bwinobwino. Ndiye funso la jakisoniyo ndi funso la filiji, ndipo la filiji ndi la magetsi: ndi a ESCOM kapena a sola, nanga mabatire amafika mpaka m'bandakucha? Tonse tinamvapo za azamba ochiritsa mayi ndi tochi ya foni ataigwira ndi mano. Madzi nawo chimodzimodzi. Ngati m'wodi mulibe mpopi wotuluka madzi, ndiye kuti gadiyani azikatunga ku mjigo, ndipo ndi bwino adziwiretu kuti abwere ndi ndowa. Nanga azamba alipo angati? Mawu akuti "usana ndi usiku" amatheka pokhapo pali anthu okwanira kusinthana, komanso nyumba zawo zili pafupi moti mlonda angathe kukagogoda. Mzamba mmodzi akapita ku maliro kwawo kapena ku msonkhano ku boma, wodi imakhala yotseka ngakhale chitseko chili chotsegula.

Chimene zikalata zambiri zimaopa kunena ndi zimene wodi singachite, chonsecho ndiye mzere umene ungapulumutse munthu. Chipatala chaching'ono sichipanga opaleshoni yotulutsa mwana ndipo sichithira magazi. Zimenezi zimachitika ku chipatala cha boma kapena ku zipatala zikuluzikulu za mishoni. Mayi amene anachirapo ndi opaleshoni, amene ali ndi mapasa, amene mwana wapingasa kapena watsogoza matako, amene anauzidwa ku sikelo kuti magazi ake akuthamanga, nthawi zambiri amalangizidwa kukadikirira ku chipatala chachikulu. Chikalata chosatchula zimenezi chimamukoka mayi wotere kuti abwerere pafupi ndi kwawo. Ndikudziwa kuti ena mu ofesi anganene kuti kulemba zoperewera pa tsiku la chikondwerero n'kunyozetsa ntchito. Ine sindikuona choncho. Aliyense pamudzi adzadziwa pasanathe mwezi kuti pamalopo sapanga opaleshoni, ndipo ndi bwino amve kwa inu kusiyana n'kuti adzazindikire usiku wina m'bale wawo ali pa bedi.

Ndiloleni ndionetse mmene chingaonekere. Mayina ndawasiya dala, ndipo masiku ndi manambala ndi ongoyerekeza, muikepo enieni.

UTHENGA KWA ATOLANKHANI: Ufalitsidwe lero

Amayi ayamba kuchirira pa chipatala cha Chakuti kuyambira pa 3 Novembala

Ku Boma, 27 Okutobala. Amayi oyembekezera a m'dera la Mfumu Yaikulu Uje ayamba kuchirira pa chipatala chaching'ono cha Chakuti kuyambira Lolemba pa 3 Novembala, pamene wodi yatsopano ya mabedi 12 iyambe kugwira ntchito usana ndi usiku, ofesi ya zaumoyo yatero.

Mpaka pano amayi a m'derali amayenda makilomita 19 kukachirira ku chipatala china. Pa wodiyi pakhala azamba anayi osinthana, madzi a m'mipopi ndi magetsi a sola. Thandizo lonse ndi laulere.

Azamba azichiritsa amayi, kuletsa kutaya magazi, kupereka thandizo loyamba kwa amayi othamanga magazi, ndi kutsitsimutsa makanda obadwa osapuma. Pa wodiyi sapanga opaleshoni ndipo sathira magazi. Ofunika zimenezi azitumizidwa ku chipatala cha boma, mtunda wa makilomita 38, pa ambulansi imene azamba aziitana okha. Banja sililipira mafuta.

"Amene anauzidwa ku sikelo kuti akadikirire ku chipatala cha boma asasinthe, apite komweko," watero mkulu wa anamwino pa chipatalachi. "Ena onse abwere matenda akangoyamba, asadikire kuti kuche."

Amayi akutali akhoza kudikirira m'nyumba ya malo 10 imene ili pambali pa wodiyi, aliyense ndi gadiyani mmodzi. Abwere ndi buku la kuchipatala, zitenje zoyera, beseni ndi chakudya chawo. Tsiku la 3 Novembala lisanafike, amayi apitirize kupita kumene amapita.

Wodiyi yamangidwa ndi ndalama zochokera ku thumba lakutilakuti, ndipo anthu a m'midzi yozungulira anasonkha mchenga ndi miyala. Mwambo wotsegulira udzachitika Lachisanu pa 31 Okutobala nthawi ya 9 koloko m'mawa.

Zathera pano. Ofuna kudziwa zambiri aimbire mneneri wa ofesi ya zaumoyo pa nambala yakutiyakuti, usana kapena madzulo.

Onani, Bwana, kuti chikukwana pa tsamba limodzi. Mkonzi atadula ndime ziwiri zomaliza, palibe mayi amene wataya njira. Atatsala ndi yoyamba yokha, tsiku ndi malo zilipo. Opereka ndalama sanaiwalidwe, angokhala pamalo pamene nkhani imawaika. Ngati pali mgwirizano woti dzina la wopereka ndalama lioneke, likhoza kukwera m'ndime yachiwiri m'mawu ochepa, koma lisalande malo a tsiku loyamba ntchito.

Ziganizo ziwiri m'chitsanzochi n'zofunika kuzisamala kwambiri musanazisainire. Choyamba ndi cha ambulansi. Kulemba kuti "ambulansi ilipo" pamene galimotoyo imagona ku boma ndipo imatumikira zipatala zingapo n'kulonjeza chimene mzamba sangakwanitse. Nenani kumene imakhala. Ngati nyengo ya dzinja mtsinje ukadzaza galimoto siwoloka, lembani kuti amayi a kutsidya abwere kudzadikirira mvula isanalimbe. Ndipo mawu akuti banja sililipira mafuta alembedwe pokhapo ndi zoona, chifukwa anthu adzawagwira mawuwo, ndipo wokumana ndi mkwiyo wawo adzakhala namwino wa usiku. Chachiwiri ndi cha "thandizo laulere." Pa chipatala cha boma n'zodziwika, koma chikadakhala cha mishoni pansi pa CHAM, pafunika kunena ngati pali mgwirizano ndi boma woti amayi ndi makanda asalipire, ndi thandizo liti limene mgwirizanowo ukuphimba. Mayi amene sakudziwa ngati alipira amayamba wafunafuna ndalama, ndipo matenda sadikira kuti agulitse chimanga.

Za mawu ogwidwa, ndasankha dala mkulu wa anamwino, ndipo mawu ali pamwambawo ndaika ine pongosonyeza mtundu wake. Enieni muwatenge pakamwa pake, mumuwerengere musanatumize, avomereze. Mawu ogwidwa ali ndi ntchito yonena chimene munthu yekhayo ali ndi mphamvu yonena. Kuti "ndife okondwa ndi chitukukochi" aliyense angathe kunena, ndipo ife timangodumpha. Koma mzamba akati "musadikire kuti kuche," timaulutsa momwemo, ndipo amayi amamvera chifukwa ndi amene adzawalandire pakhomo. Mukafuna kuwonjezera liwu la mayi wa m'deralo, mupempheni chilolezo momveka, mumuuze kuti dzina lake limveka pa wailesi. Chimodzimodzi zithunzi: wodi yopanda anthu, azamba ali pakhomo, thanki ya madzi, zonsezi n'zokwanira. Mayi ali pa bedi asajambulidwe chifukwa choti alendo abwera.

Manambala a dziko lonse si ofunika kwenikweni m'chikalata chotere, koma mukafuna kuikapo limodzi, linene chaka ndi gwero. Mwachitsanzo, kafukufuku wa zaumoyo wa 2015-16 wa ofesi ya boma yoona za chiwerengero ku Zomba anapeza kuti amayi 439 ankamwalira pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo, kutsika kuchoka pa 675 mu kafukufuku wa 2010, ndiponso kuti ana 91 pa 100 alionse ankabadwira ku chipatala. Nambala yachiwiriyi ndi imene imandilankhula ine. Amayi a m'dziko muno anamvera kale uthenga woti azichirira ku chipatala. Sakufunikanso kuwakalipira m'chikalata. Chatsala n'chakuti akafika apeze chimene analonjezedwa. Ndipo chonde musalole kuti wina alembe kuti wodiyi "ithetsa imfa za amayi m'derali." Palibe wodi imene ingalonjeze zimenezo. Nambala yothandiza kwambiri ili kale m'mabuku a chipatalacho: amayi angati anabwera ku sikelo chaka chatha, ndipo angati anakachirira kutali.

Pa chinenero ndikupemphani motsindika. Chikalata choyamba chilembedwe m'Chichewa, ndipo cha Chingerezi chikhale chotsatira, cha nyuzipepala za m'tauni ndi opereka ndalama. Mukatisiyira ife kumasulira usiku, mawu a zachipatala amapotoka, ndipo wolakwitsa sadziwa kuti walakwitsa. Gwiritsani mawu amene amayi amanena okha: sikelo, kuchira, kudikirira, gadiyani, buku la kuchipatala. Mukamaliza, wina achiwerenge mokweza pamaso pa mlangizi wa zaumoyo mmodzi ndi mayi mmodzi wa m'komiti ya chipatala, kenako muwafunse kuti wodi iyamba liti ndipo ndani sayenera kupitako. Akayankha mosiyana, chikalatacho sichinapse. Ndipo ngati m'midzi ina yotumikiridwa ndi wodiyi anthu amalankhula chinenero china pakhomo, pezani mwini chinenerocho alembe chawo.

Chitumizeni kutatsala sabata, ngati mawu otheka kukopera, osati chithunzi cha pepala. Chipite kwa mkulu wofalitsa nkhani wa boma lino, amene amatumiza nkhani ku Malawi News Agency, chipitenso ku wailesi ya m'dera ndi kwa atolankhani a MBC ndi Zodiak amene ali kuno. Koma musalekere pomwepo. Pepala lomwelo lifike kwa alangizi a zaumoyo, kwa mafumu, ku matchalitchi ndi ku mizikiti kuti liwerengedwe Lachisanu, Loweruka ndi Lamulungu, ndipo likhomedwe pa khoma la sikelo. Nambala ya foni imene muike pansi ikhale ya munthu amene amayankha ndipo wapatsidwa chilolezo cholankhula, chifukwa mtolankhani akauzidwa kuti "adikire bwana abwere ku msonkhano" amalemba zimene wamva kwa mlonda. Mungathenso kukumbutsa amayi za Chipatala cha pa Foni, nambala yaulere ya 54747 pa Airtel, kwa amene ali ndi mafunso a za pakati, koma munene kuti matenda akayamba kapena magazi akaoneka, chofunika n'kunyamuka.

Chomaliza chimene ndikupempha n'chakuti chikalatachi chikhale ndi chinzake chokonzeratu. Zinthu zimasintha: azamba amene analonjezedwa akhoza kuchedwa kufika, pampu ya madzi ikhoza kufa sabata yoyamba. Zikatero, titumizireni ziganizo zitatu tsiku lomwelo, zonena chimene chasintha, kumene amayi apite pakadali pano, ndi tsiku limene mudzatiuzenso. Ife tidzaziulutsa m'nkhani za m'mawa, za masana ndi za madzulo popanda kulipiritsa, ndipo tidzazibwereza mpaka mutatiuza kuti zakonzeka.

Ine wanu,

Mkonzi wa nkhani pa wailesi ya m'dera lino